Bafa ya Asidi wa Asetiki Ikakana Kugwira pH: Kupeza Cholakwika ndi Kuchikonza

Teremu iliyonse ndimalandira dandaulo lomwelomwelo kuchokera kwa aphunzitsi anzanga a sayansi ndi kwa ophunzira a ku koleji amene angoyamba kumene ntchito ya mu labu: "Tapanga bafa monga buku lanenera, koma sikugwira." Ena pH imatuluka ina ndi imene anawerengera. Ena imagwa akangothiramo asidi. Ena bafa yawo imakhala bwino lero, pakatha milungu iwiri n'kupeza yachita chuku. Bafa imene tikunena pano ndi ya m'kemisitile, madzi osakaniza amene salola kuti pH isinthe msanga.

Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza mankhwala a mu labu, ndaona kuti madandaulo ambiriwa amachokera pa kusokoneza zinthu ziwiri. Chimene chimaika pH ya bafa pamene ili ndi kufanana kapena kusiyana kwa kuchuluka kwa asidi ndi mchere wake. Chimene chimaipatsa mphamvu yopirira ndi kuchuluka kwa zonse ziwirizo m'botolomo. Mukagwira mfundo ziwirizi, vuto lililonse lili m'munsimu mudzadziwa poliyambira.

## Zimene zimachitika m'botolomo

Asidi wa asetiki, yemwe uja amawawasitsa viniga, ndi asidi wofooka. Akakhala m'madzi, tinthu take tochepa kwambiri ndi timene timataya H+, tambirimbiri timakhala osasweka. Mchere wake, sodiyamu asiteti, umasungunuka wonse n'kudzaza madziwo ndi asiteti. Choncho m'botolo limodzi muli nkhokwe ziwiri: ya asidi wosasweka ndi ya asiteti.

Mukathiramo asidi wamphamvu monga HCl, asiteti amagwira H+ wobwerayo n'kusanduka asidi wa asetiki. Mukathiramo alikali monga NaOH, asidi wa asetiki amapereka H+ wake kwa OH- n'kupanga madzi, iye n'kusanduka asiteti.

```
CH3COO- + H+  -> CH3COOH
CH3COOH + OH- -> CH3COO- + H2O
```

Onani kuti chilichonse chimene mwathira chimatapa m'nkhokwe ina n'kuthira m'inzake. Ndiye chifukwa chake pH imasuntha pang'ono chabe, komanso ndiye chifukwa chake nkhokwe ina ikatha, bafa yathera pomwepo. Samu yowerengera pH ndi iyi:

```
pH = pKa + log([CH3COO-] / [CH3COOH])
```

Nambala ya pKa ya asidi wa asetiki ndi 4.76 pa madigiri 25. Asidi ndi mchere zikakhala zofanana, log ya 1 ndi 0, ndipo pH imafanana ndi pKa.

Bafa imene ndiigwiritse ntchito m'nkhani yonseyi ndi ya 0.1 M asidi ndi 0.1 M mchere. Pa lita imodzi pamafunika mamililita 5.7 a asidi wa asetiki wosasakaniza ndi madzi, ndi magalamu 13.6 a mchere wokhala ndi madzi m'timibulu take, kapena magalamu 8.2 a mchere wouma. Sungunulani mcherewo m'madzi otcheza okwana mamililita 800, thiranimo asidiyo, kenako onjezerani madzi mpaka pa mzere wa lita imodzi.

## Chizindikiro choyamba: pH ya bafa yatsopano siikugwirizana ndi samu

Musanayambe kukayikira mankhwala, funsani kuti yasiyana ndi zingati. Ngati samu yapereka 4.76 ndipo mita ya pH ikuwerenga cha m'ma 4.65, palibe cholakwika. Samu ija imawerengera ngati kuti maayoni sasokonezana m'madzimo, pamene kwenikweni mchere ukachuluka amakokana, ndipo pH yeniyeni ya bafa ya 0.1 M imakhala pafupi ndi 4.65. Ndaonapo anthu akutaya lita yathunthu ya bafa yabwinobwino chifukwa cha kusiyana kumeneku, ndipo zimandipweteka, poti mankhwalawa sapezeka wamba m'masukulu athu.

Ngati kusiyanako ndi 0.2 kapena kupitirira apo, tsatirani izi, kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri.

1. Mwasokoneza mitundu iwiri ya mchere. Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse. Sodiyamu asiteti amabwera pawiri, ndipo mabotolo ake amafanana.

- Fufuzani: werengani pa botolo. Wouma amalembedwa `CH3COONa`, molo imodzi imalemera magalamu 82.03. Wamadzi amalembedwa `CH3COONa·3H2O`, molo imodzi imalemera magalamu 136.08.
- Mukayeza magalamu 8.2 a mchere wamadzi, mwathira mamolo 0.060 okha m'malo mwa 0.100, ndipo pH itsika ndi 0.22.
- Mukayeza magalamu 13.6 a mchere wouma, mwathira mamolo 0.166, ndipo pH ikwera ndi 0.22 yomweyo.
- Konzani: ngati mchere wachepa, onjezerani magalamu 5.4 a wamadzi uja kuti akwane 13.6. Ngati wachuluka, onjezerani asidi madonthomadontho mukuyang'ana mita, koma dziwani kuti bafa yanu tsopano ndi yamphamvu kuposa 0.1 M, ndipo mulembe zimenezo pa botolo.

2. Mita siinakonzedwe tsiku limenelo. Iviikeni m'madzi oyesera a pH 7.00 ndi a pH 4.01. Ikawerenga molakwa pamenepo, vuto si bafa yanu; pitani pa chizindikiro chachinayi.

3. Asidi sanayezedwe bwino. Mamililita 5.7 ndi ochepa kwambiri kuti muyeze ndi silinda ya mamililita 100. Kulakwa ndi mililita imodzi yokha kukusuntha pH ndi pafupifupi 0.08. Gwiritsani ntchito pipeti yokhala ndi mizere. Chinanso, asidi ameneyu amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 16.6, kotero m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'madera ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu mukhoza kum'peza atalimba m'botolo. Musatsanule kamadzi kotsala pamwamba, chifukwa madzi onse amene analowa m'botolomo amasonkhana m'kameneko. Khazikani botolo m'beseni la madzi ofunda mpaka lonse lisungunuke, ndiyeno muyeze.

4. Mwagwiritsa ntchito viniga wa m'sitolo. Viniga wolembedwa 5 peresenti amakhala pafupifupi 0.8 M, koma nambala ya pa botoloyo si yoti mumangirepo samu. Pophunzitsa m'kalasi viniga amathandiza, bola muike pH ndi mita osati ndi samu.

5. Madzi ake ndi a pa mjigo. Madzi ambiri a pansi pa nthaka amakhala ndi bayikaboneti, yemwe amadya asidi pang'ono n'kukweza pH. Pa bafa ya 0.1 M kusinthako n'kochepa, koma pa bafa yosungunuka kwambiri kumaoneka. Gwiritsani ntchito madzi otcheza.

6. Mchere wakhalitsa m'botolo losatseka. Wouma umayamwa chinyezi, wamadzi umataya madzi ake kukatentha ndi kuuma. Apo sikelo ikupatsani kulemera kolondola kwa chinthu chimene sichilinso chija cholembedwa pa botolo. Mchere ukagwirana ngati mwala kapena ukayera ngati ufa pamwamba, musaukhulupirire.

## Chizindikiro chachiwiri: pH yagwa kapena yakwera mutangothiramo asidi kapena alikali

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ophunzira amataya chikhulupiriro n'kuyamba kuganiza kuti nkhani ya bafa ndi ya m'buku chabe.

1. Mwathira zoposa zimene nkhokwe ingalandire. Tiyeni tiwerenge limodzi. Tengani mamililita 100 a bafa yathu. Muli mamolo 0.010 a asiteti ndi mamolo 0.010 a asidi. Tikuthiramo HCl wa 1 M, amene mililita yake imodzi ili ndi mamolo 0.001.

Mililita yoyamba ikalowa, asiteti amatsala 0.009, asidi amakwera kufika 0.011. Kugawa 0.009 ndi 0.011 kukupereka 0.82, log yake ndi -0.09, ndipo pH yachoka pa 4.76 kufika pa 4.67. Mililita yomweyo mukaithira m'madzi otcheza okwana mamililita 100, pH imachoka cha pa 7 kugwera pa 2. Ntchito ya bafa ndi imeneyo: kwina kwasuntha 0.09, kwina kwasuntha 5.

Tipitirize kuthira m'bafamo, nambalazi ndi za samu:

- mamililita 5: asiteti 0.005, asidi 0.015, pH 4.28
- mamililita 9: asiteti 0.001, asidi 0.019, pH pafupifupi 3.5
- mamililita 10: asiteti watha, mwatsala asidi wa asetiki yekha, pH pafupifupi 2.75
- mamililita 11: HCl alibenso womugwira, pH pafupifupi 2

Mamililita asanu oyamba anatsitsa pH ndi pafupifupi 0.5 yokha, koma mamililita awiri omaliza aitsitsa ndi 1.5. Bafa siinaonongeke mwadzidzidzi ayi. Inkafooka pang'onopang'ono kuyambira dontho loyamba, ndipo asiteti atatha panalibenso chogwira H+. Kumbali ya alikali zimayenda chimodzimodzi: mililita imodzi ya NaOH wa 1 M ikweza pH kufika 4.85, mamililita 9 kufika cha pa 6, pa mamililita 10 imalumpha kufika pa 9, ndipo pa 11 ili pafupi ndi 12.

- Fufuzani: werengani mamolo a chimene mwathira, muyerekeze ndi mamolo a asiteti ngati mwathira asidi, kapena a asidi wa asetiki ngati mwathira alikali.
- Konzani: ine sindilola kuti chothiracho chipitirire theka la nkhokwe. Mukafuna kuthira zambiri, onjezerani bafa kapena pangani yamphamvu. Pochita chionetsero m'kalasi, gwiritsani ntchito HCl wa 0.1 M, osati wa 1 M kapena 2 M wa pa shelefu, kuti ophunzira aone kupirirako nthawi yaitali bafa isanagonje.

2. Bafa inasungunulidwa kuti ikwanire magulu onse. Zimachitika kalasi ikakhala yaikulu mankhwala ali ochepa. Munthu amathira madzi kakhumi, amayeza pH, amapeza ili cha pa 4.7, n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Zoonadi pH siisuntha kwenikweni, chifukwa asidi ndi mchere zachepa mofanana. Koma m'mamililita 100 tsopano muli mamolo 0.001 okha a asiteti, ndipo mililita imodzi ija ya HCl wa 1 M ikumaliza onse n'kugwetsa pH kufika cha pa 3.2. Mita siingakuuzeni mphamvu ya bafa, imangokuuzani pH. Ngati mwasungunula bafa kakhumi, sungunulaninso asidi wothiramoyo kakhumi.

3. Bafa ndi yopendekera mbali imodzi. Mwina munafuna pH 5.76, ndiye munaika mchere magawo khumi, asidi gawo limodzi. Bafa yotere imapirira asidi ndithu, koma alikali pang'ono chabe amamaliza kankhokwe kakang'ono kaja. Bafa imalimba kwambiri pamene pH ili pa pKa, ndipo imathandiza pakati pa pKa kuchotsa 1 ndi pKa kuphatikiza 1. Kwa asiteti ndiye kuti kuyambira 3.8 kufika 5.8.

4. Mukukakamiza asiteti ntchito ya pH 7. Kuti asiteti afike pa 7, mchere uyenera kuposa asidi kopitirira ka 170. Imeneyo si bafanso, ndi madzi amchere okhala ndi dontho la asidi. Pa pH 7 tengani fosifeti, `NaH2PO4` ndi `Na2HPO4`, amene pKa yake ili pa 7.2.

5. Zosakanizazo si bafa n'komwe. HCl ndi mchere wa m'khitchini, NaCl, ndi asidi ndi mchere wake ndithu, koma asidiyo ndi wamphamvu. Kulorayidi sagwira H+, kotero nkhokwe yolandira asidi palibe. Ophunzira ambiri amaloweza kuti "asidi ndi mchere wake" n'kuiwala mawu akuti "wofooka", chikhalirecho mawu amenewo ndiwo mwini nkhani.

6. Simunatakase. Dontho likagwera pafupi ndi elekitilodi, mita imalumpha kenako n'kubwerera. Takasani, dikirani theka la mphindi, ndiyeno muwerenge.

## Chizindikiro chachitatu: inali bwino, koma yasintha ikusungidwa

1. Chuku ndi tizilombo. Asiteti ndi chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo nyengo yotentha timaswana msanga. Kwezani botolo poyera. Mukaona madzi achita mbuu, kapena tiulusi toyera tikuyandama, tayani. Kusefa sikuthandiza, chifukwa tizilomboto tadya kale gawo lina la zimene munayeza. Tsukani botolo bwino, pangani yochepa yoti ithe msanga, muisunge m'firiji, ndipo mulembe tsiku pa botolo.

2. Botolo silitsekeka. Asidi wa asetiki amauluka, mchere wake suuluka. Botolo likakhala lotsegula, asidi amachepa ndipo pH imakwera pang'onopang'ono. Fungo la viniga m'kabati ndi umboni wake.

3. Wina anabwezera zotsala m'botolo, kapena anaviikamo pipeti imene inali mu alikali. Tsanulirani m'kabika kanu zimene mukufuna, zotsala mutaye.

4. Kutentha kwasiyana. Pa asiteti ichi n'chochepa kwambiri, pKa yake siisuntha kwenikweni pakati pa madzi a m'firiji ndi a m'chipinda. Chimene chimasokonezeka ndi mita, mukayeza bafa yozizira ndi mita yokonzedwa potentha. Siyani bafa ifunde kaye ifanane ndi chipinda.

## Chizindikiro chachinayi: nambala ya pa mita siikukhazikika

Apa bafa kawirikawiri ilibe mlandu.

1. Elekitilodi inauma kapena inasungidwa m'madzi otcheza. Kagalasi ka kumapeto kayenera kukhala konyowa m'madzi a KCl, kawirikawiri a 3 M. Madzi otcheza amakoka mchere wa m'kati mwa elekitilodi. Iviikeni mu KCl usiku wonse, mawa muikonzenso.
2. Madzi oyesera mita ndi akale. A pH 10 ndiwo amayamba kuonongeka, chifukwa amayamwa mpweya wa CO2. Poyeza bafa ya asiteti simukuwafuna n'komwe, a 7.00 ndi a 4.01 akukwana.
3. Munapukuta kagalasi ndi pepala. Kukhula kumasiya magetsi pagalasipo ndipo nambala imayendayenda. Tsukuluzani ndi madzi otcheza, mungogunditsa pepala kuti liyamwe dontho.
4. Mabatire afooka, kapena m'kagalasi muli thovu la mpweya. Sinthani mabatire, thovulo limachoka mukakutumula elekitilodi pang'ono choloza pansi.

Njira yachidule yodziwira wolakwa: viikani mita m'madzi oyesera a 4.01. Ikakhazikika pamenepo m'mphindi imodzi, kayikirani bafa yanu. Ikayendayendanso pamenepo, vuto ndi mita.

## Chizindikiro chachisanu: pepala kapena mankhwala osintha mtundu sakuonetsa kanthu

Masukulu ambiri alibe mita, amadalira pepala la pH. Pepala wamba limasiyanitsa 4 ndi 5, koma silingasiyanitse 4.76 ndi 4.67. Choncho mukathira asidi pang'ono m'bafa mtundu n'kukhala womwewo, dziwani kuti bafa ikugwira ntchito. Chosowa ndi chofananitsira. Ikani mabika awiri pafupi, ina ya bafa, ina ya madzi otcheza, muthire madontho ofanana m'zonse ziwiri. Madziwo amafiira pa madontho oyamba, bafa imakhala mtundu wake wa lalanje.

Ngati ngakhale madzi otchezawo sakusintha mtundu, yang'anani ziwiri: pepala linanyowa kapena linakhala padzuwa, apo ayi asidi wanu ndi wosungunuka kuposa cholembedwa pa botolo. Yesani pepalalo m'viniga ndi m'madzi a soda wophikira. Likapanda kusiyanitsa ziwirizi, litayeni.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Asidi wosasakaniza kapena NaOH wagwera m'maso. Tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala, ngakhale ululu utachepa. Musathire mankhwala ena m'maso poyesa kuziziritsa. Pakhungu, vulani chovala chonyowacho mutsuke ndi madzi ambiri.
- Botolo lalikulu la asidi wa asetiki lasweka. Nthunzi yake imaotcha m'mphuno ndi m'maso, ndipo asidiyu amayaka moto. Tulutsani ophunzira, tsegulani mawindo, zimitsani malawi onse, muitane woyang'anira labu.
- Botolo lilibe cholemba, kapena cholembacho chafufutika. Musanunkhize, musalawe, musalisakanize ndi chilichonse pofuna kulizindikira.
- Mita ikulepherabe mutaiviika usiku wonse ndi kusintha madzi oyesera. Ngati imaonetsa peresenti mukamaikonza ndipo yatsika pansi pa 90, kapena kagalasi kang'aluka, elekitilodi yafa. Siikonzeka pamanja, katswiri wa zipangizo kapena amene anakugulitsani aisinthe.
- Bafa ndi yoyezera odwala, mankhwala, chakudya chogulitsa kapena madzi akumwa. Mwachitsanzo, madzi opakira utoto wa Giemsa poyeza malungo amayenera kukhala pa pH 7.2, ndipo akasuntha, tizilombo ta malungo sitioneka bwino pagalasi. Bafa yotere ikakana, musaikonze mongoyerekeza ndi madontho a asidi. Imitsani kuyezako, muuze mkulu wa labu, ndipo magalasi onse amene anapakidwa ndi bafa imeneyo aikidwe padera kufikira iye atawaona.